Anati "ndinali pa 40 chabe": nkhani ya pa geti la sukulu tsiku la mvula yoyamba

Amake Tadala: Anthu a pa gulu pano ndithandizeni maganizo, mtima sunakhazikike mpaka manje. Lero masana ndapita kukatenga mwana ku sukulu kwathu kuno ku Kaunda Square mu Lusaka, kamvula kanali katangoyamba kuwaza, kaja kongonyowetsa fumbi. Minibasi yaima pafupi ndi geti kutsitsa anthu, kamnyamata ka giredi 2 katulukira kutsogolo kwa minibasiyo kakuthamangira amake omwe anali tsidya lina, ndiye kumbuyoku kukubwera ka Vitz. Dalaivala waponda buleki koma motoka yangotsetsereka ngati ili pa sopo mpaka yamugunda mwana m'chiuno wagwa. Mulungu ndi wabwino mwana wadzuka, apita naye ku kiliniki akuyenda yekha. Koma chandipweteka n'choti dalaivala uja amangobwereza kuti ine ndinali pa 40 chabe, sindinathamange. Kodi 40 pa sukulu ndi yololedwa? Nanga ngati 40 ndi pang'onopang'ono, yakanika bwanji kuima?

Amake Mapasa: Mayo ine. Mwana ali bwanji pano? Amuunike bwino mutu, ana amadzuka ndi mantha chabe ululu umabwera usiku

Amake Tadala: Amake andiimbira, akuti watupa ntchafu ndi kusupuka pa chigongono, awauza kuti akayamba kusanza kapena kugona modabwitsa abwerere naye msanga.

Mjomba wa Takisi: Pepani amayi. Koma tinene zoona 40 si sipidi, ife tomwe tili pa msewu tsiku lonse timadziwa, pa 40 ngakhale wa njinga amakupitirira potsetsereka. Vuto ndi ana osaphunzitsidwa kuwoloka komanso a minibasi oima paliponse. Dalaivala wa Vitz uja musamuweruze kwambiri.

Aphunzitsi a Galimoto: Za minibasi mwanena zoona Mjomba, tibwererako. Koma funso la amake Tadala lili ndi yankho. Pa sukulu malire ndi 30, lamulo linasintha cha mu 2020 kuti pa masukulu ndi malo odzaza anthu oyenda pansi ngati pa misika tisapitirire makilomita 30 pa ola, ndipo a RTSA, bungwe loona za chitetezo cha pa misewu, akhala akulengeza zimenezi. Ndiye mkulu uja ponena kuti anali pa 40 akudziulula yekha kuti anapitirira. Koma ine chomwe ndimafuna ophunzira anga amve si nambala ya pa chikwangwani ayi, ndi mtunda womwe motoka imadya isanaime. Ndiloleni ndilembe motalika pang'ono.

Motoka ikakhala pa 36 imayenda mamita 10 pa sekondi imodzi. Ndiye pa 30 ndi mamita 8 ndi kanthu, pa 40 ndi mamita 11, pa 60 ndi pafupifupi 17. Kuchokera pomwe diso laona mwana kufika pomwe phazi lachoka pa mafuta n'kufika pa buleki pamapita sekondi imodzi, ndipo ameneyo ndi dalaivala watcheru, osati yemwe akuyang'ana foni kapena akusintha nyimbo. Mu sekondi imeneyo motoka sinachepetse liwiro ngakhale pang'ono, ikungopita.

Buleki ikagwira, pa tala wouma ndi matayala abwino, wa pa 30 amafuna mamita ngati 5 kuti aime. Kuphatikiza ndi 8 aja ndi 13. Wa pa 40 amafuna ngati 9, kuphatikiza ndi 11 aja ndi 20. Mwaona, mwawonjezera 10 yokha pa sipidi koma mtunda wachoka pa 13 wafika pa 20.

Mjomba wa Takisi: Mamita 20 ndi patali bwanji aphunzitsi, ife sitiyenda ndi tepi

Aphunzitsi a Galimoto: Ndandalikani ma Hiace anayi motsatana, ndi pafupifupi pamenepo. Amake Tadala, mwana uja potulukira, Vitz inali patali bwanji mukaganizira?

Amake Tadala: Sindingayeze bwino koma inali itangodutsa pa kantemba kogulitsa mafiriziti, kuchoka apo kufika pa geti mwina maminibasi anayi omwewo kapena asanu

Aphunzitsi a Galimoto: Tiyerekeze kuti anali mamita 20. Kukanakhala kouma, pa 40 akanaima ndendende pa mapazi a mwana, mwina kumukhudza pang'ono. Koma kunali konyowa, ndipo pa tala wonyowa matayala amagwira mwina theka ndi kanthu la mmene amagwirira pouma. Mamita 9 a buleki aja amasanduka 15, ndiye yense pamodzi amafuna 26 pomwe ali ndi 20 okha. Pofika pomwe pali mwana motoka imakhala ikadali pa 25 kapena kuposerapo pang'ono. Ndi zomwe mwaona lero, kugunda kogwetsa mwana koma osamupha. Akanakhala pa 30, ngakhale ponyowa pomwepo amafuna mamita 17, akanaima patatsala mamita atatu, mwana akanangodzidzimuka n'kupitiriza ulendo kwa amake.

Ndiye tatengani munthu wa pa 60, poti ambiri m'misewu ya m'makomboni ikangokhala yosalala amafika pamenepo. Sekondi yoganiza ija yadya kale mamita 17, kwatsala atatu, ngakhale kouma amamugunda mwana ali pa 55. Buleki waponda inde koma sinapeze mpata wogwira ntchito.

Amake Mapasa: Thupi langa lachita tsembwe. Mamita atatu okha kusiyana kwake

Achimwene a ku Chawama: Ine funso langa ndi la makamera, amene aja amaima nawo pa Great East, kodi amayamba kugwira ukapitirira ndi zingati? Wina anandiuza kuti amakusiyira 10 pamwamba, ndiye ngati pa sukulu ndi 30 ndiye kuti 40 ili bwinobwino

Aphunzitsi a Galimoto: Achimwene nkhani ya kukusiyirani 10 musaidalire, ndipo sitikukamba za faindi pano. Mwana wa lero wagundidwa ndi 10 yomweyo mukuti amasiyayo.

Achimwene a ku Chawama: Ayi ndamva, ndimangofunsa poti mwezi watha anandilipiritsa ine

Mjomba wa Takisi: Koma aphunzitsi masamu anuwo ndi a motoka zakale. Zamanje zili ndi ABS, ukaponda imaima pomwepo ngakhale pa mvula, Allion yanga sinanditsetserekepo.

Makanika wa ku Garden: Mjomba apo mwalondola theka. ABS ntchito yake ndi yoti matayala asakhome, kuti uku mukuponda buleki chiwongolero chizimverabe muthe kukhota kumuzemba munthu. Siiwonjezera kugwira kwa tayala pa msewu ayi, ngati msewu ukuterera ukuterera basi. Pa miyala ya gelevulo kapena pa mchenga nthawi zina motoka ya ABS imapita patali kuposa yopanda. Ndipo ndikuuzeni zomwe ndimaona pa galaji, motoka zambiri zobwera kwa ine kalaiti ka ABS kamakhala koyaka pa dashibodi chaka chonse, mwini wake amati bola ikuyenda, ena mpaka amapempha kuti tichotse kababu kuti kasamawasokoneze. Kalaiti kaja kakayaka osazima injini italira ndiye kuti ABS sikugwira ntchito, muli ndi buleki wamba.

China, ikamagwira ABS pedulo imanjenjemera pansi pa phazi ndi kulira kuti grrr, anthu ambiri amachita mantha n'kuchotsa phazi. Osachotsa, pondani mwamphamvu mpaka iime.

Mjomba wa Takisi: Kanga sikayaka, koma za kunjenjemera ndi zoona ndinachotsapo phazi tsiku lina pa Kabwata

Amake Tadala: Vitz ija sinanjenjemere chilichonse, matayala anangoima osazungulira motoka n'kumapita

Makanika wa ku Garden: Ndiye kuti anakhoma, ABS palibe kapena ndi yakufa. Ndipo ndikanakhalapo ndikanayang'ana matayala ake. Mizere ija ya pa tayala ntchito yake ndi kutaya madzi kuti labala ikhudze tala. Mukasuzumira mkati mwa mizere muona timizere tina topingasa totukuka pang'ono, timeneto tili pa mamilimita 1.6, tayala likadyeka mpaka kufanana nato latha ntchito. Manje ife timagula matayala a salaula obwera atatha kale theka, chilimwe chonse amayenda bwino chifukwa pouma tayala losalala limagwirabe, munthu n'kumati matayala anga ali bwino, ikangogwa ya Novembala ndi pomwe amadziwa.

Aphunzitsi a Galimoto: Ndipo mvula yoyamba ngati ya leroyi ndi yoipa kuposa chimvula cha mu Januwale. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala msewu wakhala ukulandira fumbi, oilo wodontha, dizilo, nyenyeswa za matayala, popanda chotsuka. Kamvula kowaza kamangosakaniza zonsezo kukhala phala loterera, makamaka pomwe motoka zimaima nthawi zonse, pa siteshoni ya minibasi, pa maloboti, pa geti la sukulu pomwe makolo amatsitsira ana. Chimvula chikagwa kwa maola ndiye chimakokolola. Ndiye tsiku lomwe anthu amati ah kamvula kochepa aka, ndi lomwe ine ndimauza wophunzira kuti pa sukulu tsika ufike pa 20, giya yachiwiri, phazi lichoke pa mafuta liyandame pamwamba pa buleki. Phazi likakhala kale pamenepo mwadula gawo la sekondi yoganiza ija.

Bambo a Kanta: Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Ine ndimayendetsa Canter, ndimanyamula mabuloko ndi mchenga, ndipo ndikufuna ndinene kuti masamu a aphunzitsiwo ndi a motoka yaing'ono, kwa ife ndi nkhani ina. Chaka chatha mu Febuluwale ndinanyamula mabuloko kupita nawo ku Chalala, ndinadzaza kupitirira muyezo ndivomere, mwini katundu sanafune matiripi awiri ndipo ine ndinalola. Ndikuyandikira pa sukulu ina ana akuweruka, ndinali pa 35 mwina, mayi wina wogwira ana awiri walowa pa zebula. Ndaponda buleki, ndikumva kuti yagwira koma katundu akundikankha kumbuyo, lole ikungopita pang'onopang'ono ngati wina akuikoka ndi chingwe, ndinaima mawilo akutsogolo ali pakati pa zebula, mayi uja anabwerera m'mbuyo yekha ndi ana. Ndinatsika miyendo ikunjenjemera. Kuyambira tsiku lija ndikadzaza, pa sukulu ndimadutsa pa 15 kapena 20, a kumbuyo aziimba mahutala mmene angafunire.

Mjomba wa Takisi: Koma ine ndimadziwa kuti motoka yolemera ndi yomwe imagwira bwino msewu, yopepuka ndi yomwe imauluka

Bambo a Kanta: Zonse ziwiri zili ndi vuto lake Mjomba. Ikakhala yopanda katundu kumbuyo kumapepuka, pa mvula ukaponda mwamphamvu matayala akumbuyo amakhoma msanga thako la lole n'kutembenukira kumbali. Ikadzaza matayala amakanikizika pansi inde, koma mabuleki ndi omwe aja, akuyenera kuimitsa matani owonjezera, amatentha n'kufooka, ukatsika nawo mtunda wautali umamva ndi fungo lomwe. Ndiye yodzaza siitsetsereka kwambiri koma siima msanga.

Makanika wa ku Garden: Ndiwonjezere za mathiraki akuluakulu aja a pa Lumumba ndi Mumbwa Road, mabuleki awo ndi a mpweya, ukaponda pamapita kanthawi mwina theka la sekondi mpweya usanafike ku mawilo a ngolo yakumbuyo. Pa 40 theka la sekondi ndi mamita ena asanu kapena asanu ndi limodzi. Komanso dalaivala wakhala pamwamba, mwana wa giredi 1 akaima pafupi ndi bampala samuona n'komwe. Ana a ku Matero ndi Kanyama amawoloka pakati pa mathiraki oima pa jamu tsiku lililonse, ine ndikaona mtima umandithawa.

Amake Mapasa: Nanga ma Hilux ndi ma Prado aja okhala ndi zitsulo kutsogolo? Pa sukulu ya ana anga ndi omwe amabwera mothamanga kwambiri poti mahampu sawamva

Aphunzitsi a Galimoto: Amenewo pa sipidi yofanana amavulaza kwambiri. Vitz mphuno yake ndi yotsika, munthu wamkulu imamumenya m'miyendo n'kugwera pa boneti, boneti imabonyoka n'kumwa gawo la mphamvu. Motoka yaitali imamenya mwana pachifuwa kapena m'mutu n'kumugwetsera kutsogolo komwe mawilo akupita, ndipo chitsulo chija sichibonyoka. Kamnyamata ka lero kakanakumana ndi yotero pa 25 yomweyo sitikanakamba za kutupa ntchafu.

Kondakitala Wakale: Mwatitchula a minibasi ndiye ndiyankheko. Ndagwira ntchito pa Hiace ya Chelstone kupita ku tauni zaka zambiri. Kuima pa geti la sukulu sitichita dala, makolo omwewo ndi omwe amakuwa kuti nditsitseni pompano pa geti, ukapitirira nawo pang'ono akutukwana. Ndipo madalaivala amathamangitsidwa ndi kashingi ya bwana, ukachedwa tiripi imodzi madzulo ndalama sikwana. Sindikuti ndi zabwino koma ndi mmene zilili

Amake Tadala: Apo mwanena zoona, nanenso ndinakuwapo choncho mvula ikugwa, sindinaganize kuti minibasi ikuphimba ana

Aphunzitsi a Galimoto: Ndi pomwe ndimati tibwererako. Minibasi yoima ndi khoma. Wobwera kumbuyo saona chomwe chili kutsogolo kwake, mwananso wamfupi saona motoka ikubwera mpaka atatulukira. Lero mwana anaoneka patatsala mamita 20 chifukwa choti anathamanga Vitz ikadali patali, akanachedwa sekondi imodzi akanatulukira patatsala mamita 9, ndipo pamenepo ngakhale wa pa 30 akanamugunda asanaponde bwino buleki. Ndiye podutsa minibasi yoima pa sukulu ngakhale 30 yachuluka, pamafunika liwiro la munthu wothamanga pang'ono, ndi kutalikirana nayo ngati mbali inayo kuli mpata. Ine ndimauza ophunzira kuti aziyang'ana pansi pa minibasi, mapazi a mwana amaoneka thupi lisanaoneke.

Agogo a Chilenje: Ana anga ine ndinasiya kuyendetsa maso atayamba kuvuta, koma ndikumbutseko za dzuwa poti nonse mukukamba mvula. M'mawa cha m'ma 6 koloko kupita 7 ukamalowera kummawa pa Great East kapena pa Alick Nkhata dzuwa limakhala m'maso ndendende, nthawi yomweyo ana akupita ku sukulu. Galasi likakhala ndi fumbi ndiye umangoona zoyera. Mu Juni ndi Julayi kukazizira galasi limachitanso nthunzi mkati, anthu amangopukuta kabowo ndi dzanja n'kumayenda. Msewu wouma bwinobwino koma suona.

Aphunzitsi a Galimoto: Zikomo agogo, ndipo masamu ake ndi omwe aja. Ngati mukuona mamita 15 okha kutsogolo, sipidi yomwe imafuna mamita 20 kuti muime yachuluka kale, chikwangwani chinene 40 kapena 60.

Achimwene a ku Chawama: Nanga 30 imeneyi imagwira ntchito ndi usiku womwe kapena Loweruka ana kulibe? Chifukwa kuyenda pa 30 pa msewu wopanda munthu 22 koloko n'kovuta abale

Aphunzitsi a Galimoto: Chikwangwani chikangolemba 30 popanda kachikwangwani kena ka maola pansi pake, ine ndimachitenga kuti ndi cha nthawi zonse.

Mjomba wa Takisi: Apo ndiye sindikugwirizana nanu, usiku pa 30 m'makomboni ena akuba akutsegulira chitseko uli mkati. Masana ana ali panja ndavomera, mwandigonjetsa ndi ma Hiace anayi aja, koma usiku ayi.

Amake Mapasa: Ine ndikuona kuti zikwangwani anthu sawerenga, pa sukulu pafunika mahampu basi. Pomwe pali hampu aliyense amatsika kufuna asafune

Bambo a Kanta: Mahampu abwino inde, aja otambalala okwera pang'onopang'ono okhala ndi penti. Koma aja omanga anthu okha usiku ndi simenti yotsala, osongoka ngati mzere wa mbatata, opanda penti, mvula ikadzaza msewu ngati mmene kumachitira ku Kanyama saoneka, wa njinga yamoto amangogwerapo. Ndiye madalaivala ena amathawa hampu n'kukwera m'mbali mwa msewu momwe mukuyenda ana momwemo.

Kondakitala Wakale: Komanso pakati pa hampu ndi hampu anthu amaponda mafuta kubweza nthawi, ikakhala patali ndi geti palibe chomwe yathandiza

Makanika wa ku Garden: Mwatchula njinga zamoto, anyamata operekera zakudya aja achuluka manje. Penti yoyera ya pa zebula ikanyowa imaterera kuposa tala, akagwira buleki yakutsogolo tayala lili pa penti amagwa nthawi yomweyo njinga n'kupita yokha kwa anthu owoloka. Ndakonzapo zingapo zogwa choncho.

Amake Tadala: Pa sukulu yathu palibe hampu, zebula inafufutika kalekale, chikwangwani cha 30 sindinachionepo. Lachisanu kuli msonkhano wa makolo, ndikufuna ndikanene zitatu, kuti tilembe kalata ku khonsolo ndi ku RTSA yopempha hampu yotambalala pa geti penipeni ndi chikwangwani, kuti minibasi ziziima patsogolo atadutsa geti osati pa geti, ndi kuti makolo tizisinthana kuima pa msewu nthawi yoweruka. Aphunzitsi mungandilembere manambala aja mwachidule kuti ndikawerenge? Aja a 13 ndi 20 ndi a ponyowa.

Aphunzitsi a Galimoto: Ndikutumizirani ku inibokosi usiku uno. Koma mukakawerenga manambala okha anthu akagona, tengani chingwe cha mamita 26 mukachiyale pa bwalo kuyambira pomwe dalaivala waonera mwana, muike mwala pa 17, aone okha pomwe wa 30 waima ndi pomwe wa 40 akupitabe.

Kondakitala Wakale: Za poimira minibasi mukalankhule ndi a pa siteshoni omwe amayang'anira ruti imeneyo, kalata yokha madalaivala saiona. Koma makolo akavomere kaye kuyenda mamita ochepawo pa mvula, apo ayi kondakitala azingotukwanidwa

Mjomba wa Takisi: Lachisanu nthawi yanji amake Tadala? Chingwe ndili nacho cha mamita 30 chomangira katundu, ndikhoza kudzera nacho ndikatsitsa kasitomala wa ku Avondale

Amake Tadala: 14 koloko Mjomba, mukafika pa kantemba ka mafiriziti mundiimbire ndidzatuluka kudzakutengani